Kope la makasitomala mu saluni: zolembamo ndi koliika

Pa zaka zimene ndakhala ndikuyendetsa saluni komanso kuphunzitsa atsikana ntchito yokonza tsitsi, pali yankho limodzi limene ndatopa nalo. Ndikafunsa mwini saluni kuti amalemba pati za makasitomala ake, amandiloza kumutu kwake n'kunena kuti, "Onse ndimawadziwa." Amene akuti amalemba amanditulutsira hadikava imodzi yothimbirira mafuta, imene imagona pakauntala usana wonse, momwe muli ngongole, manambala a foni, masiku obadwa ndi matenda a anthu, zonse patsamba limodzi. Woyambayo adzavulaza munthu tsiku limene iye sadzakhalapo, ndipo wachiwiriyo akuulutsa zinsinsi za anthu tsiku ndi tsiku mosadziwa. Ineyo ndinadutsa monsemo, n'chifukwa chake sindilankhula mofatsa pa nkhaniyi.

Mayi wina amene ndinkamukonza tsitsi kwa zaka zinayi ankapaka dayi wakuda wobisa imvi miyezi iwiri iliyonse popanda vuto. Tsiku lina anandiuza mongodutsa kuti ulendo wathawo kuseri kwa makutu kunkamuyabwa kwa masiku angapo. Ndinalemba mawu awiri okha, "amadandaula kuyabwa," m'munsi mwa tsamba la ngongole yake, ndipo ndinaganiza kuti zotsalazo ndizikumbukira. Anabweranso Lachinayi lina pokonzekera chinkhoswe cha mwana wake, ine ndili kumaliro kumudzi. Mtsikana amene ndinamusiya pa saluni anatsegula kope, anaona kuti ngongole inalipidwa, n'kupaka dayi yemwe uja. Lachisanu madzulo mutu unayamba kuyabwa, ndipo pofika Loweruka m'mawa zikope zinali zitatupa moti maso ankangotsegula pang'ono, makutu ndi m'mbali mwa chipumi mukuchucha madzi.

Chimene chimandipwetekabe ndi chimene chinatsatira. M'malo mopita kuchipatala, mayiyo anatuma mwana kumsika kwa ogulitsa mankhwala pamphasa, amene anamupatsa kachubu kodzola kopanda dzina lodziwika, ndipo mnansi wina anawonjezera zoti apake mankhwala otsukira mano kuti "aziziritse." Anakafika kuchipatala Lolemba, zilonda zitayamba mafinya. Chinkhoswe chinachitika iye ali chigonere m'nyumba. Mtsikana uja sindinamudzudzule, chifukwa mawu amene ndinalemba sankamuuza chochita chilichonse.

Dayi wambiri wokhalitsa, makamaka wakuda ndi wofiirira moderapo, amakhala ndi mankhwala otchedwa PPD, amene pabokosi amalembedwa kuti p-Phenylenediamine. Mankhwalawa amatha kuyamba kumuwenga munthu amene wakhala akuwagwiritsa ntchito bwinobwino kwa zaka zambiri, ndipo thupi likangoyamba kudana nawo silibwerera m'mbuyo, koma ulendo wotsatira nthawi zambiri umakhala woopsa kuposa woyamba. Chiwengochi sichifulumira kuoneka ngati kuwotcha kwa rilakisa, kumene kasitomala amakumva akadali pampando. Chimatulukira patapita maola ambiri, nthawi zina masiku awiri kapena atatu, munthu ali kwawo, ndipo n'chifukwa chake wokonza tsitsi sachiona ndi maso ake pokhapokha atafunsa n'kulemba. Kusintha mtundu wa dayi sikuthandiza ngati winayo alinso ndi PPD, ndipo hena wakuda amene ena amajambulira pathupi kapena kudetsera nsidze kawirikawiri amakhala ndi mankhwala omwewa.

Choncho mzere wa ziwengo m'kope uyenera kulembedwa ngati lamulo kwa munthu amene sanamuonepo kasitomalayo. Za mayi uja ndikanalemba pamwamba penipeni pa tsamba lake, ndi cholembera chofiira, kuti pa tsiku lakuti tinapaka dayi wakuda wa mtundu wakuti, kuti patapita tsiku limodzi kuseri kwa makutu kunayabwa kwa masiku anayi, ndipo kuti asapakidwenso dayi aliyense wokhala ndi PPD kufikira ataonana ndi a chipatala. Dzina la chinthu, tsiku, chimene chinachitika ndi chochita: zikasowa zinayizi, cholembedwacho n'chokongoletsa tsamba chabe. Kwa kasitomala amene sanadandaulepo, timayesa kadontho ka dayi kuseri kwa khutu kapena mkati mwa chigongono maola 48 tisanapake, monga mabokosi ambiri amalangizira, ndipo tsiku loyesera ndi zotsatira zake timazilemba. Kuyesa kwa chaka chatha sikuimira kwa lero. Koma amene anawengedwapo kale musamuyese nokha mu saluni, pakuti kadontho komweko kakhoza kumudzutsira vuto. Ndipo kasitomala akakuimbirani kuti milomo kapena lilime zikutupa, kapena kuti akubanika, musamuuze kuti adikire muone mawa: apite kuchipatala nthawi yomweyo, atatenga bokosi la dayi kapena dzina lake, limene inu mudzalipeza m'kope ngati munalilemba.

Nditaphunzira zimenezi ndinagwera m'dzenje lina, ndinayamba kulemba chilichonse chimene kasitomala wandiuza. Pampando wa saluni anthu amamasuka, amanena za mimba imene sanauze ndi apongozi omwe, za mankhwala amene akumwa, za banja limene likugwedezeka. Tsiku lina ndinapeza kasitomala akutembenuza masamba a kope kufunafuna ngongole yake, maso ali pa tsamba la mnzake wa mpingo umodzi. Sindidziwa kuti anawerenga mpaka pati, koma ndinazindikira kuti zambiri zimene zinali patsambalo sizinkandithandiza konse pa ntchito yanga. Kuyambira pamenepo ndimalemba chochita, osati chifukwa chake. Ngati tsitsi la munthu likuthothoka chifukwa cha matenda kapena mankhwala, ndimalemba kuti, "tsitsi la m'mbali n'lofooka, osakoka poluka, osapaka rilakisa." Wantchito wapeza zonse zofunika, ndipo dzina la matendawo latsala kwa mwini wake.

Makope ndili nawo awiri. Loyamba ndi la ntchito, limene aliyense wogwira tsitsi ayenera kulitsegula asanayambe: muli nambala ya kasitomala, monga 047, dzina limene timamuitanira, ziwengo zake pamwamba, kenaka zokonda zake, monga mtundu wa mesh, kukula kwa malukidwe, kapena kuti safuna madzi otentha kwambiri. Limakhala m'dirowa, osati pakauntala, ndipo kasitomala amaonetsedwa tsamba lake lokha. Lachiwiri muli nambala yomweyo 047, dzina lonse, foni ndi tsiku lobadwa, ndipo limakhala m'kabati yokhoma imene kiyi wake ndimasunga ndine. Ngongole zili m'buku lawolawo. Ubwino wake umaoneka wantchito akamachoka: sangachoke ndi manambala a makasitomala onse atawajambula pafoni yake, chifukwa sanawaonepo.

Tsiku lobadwa ndimalemba deti ndi mwezi basi. Kuti nditumize uthenga wa mafuno abwino ndi kuchotsera mtengo pang'ono, chaka sindichifuna. Dzina lonse, nambala ya foni ndi tsiku lobadwa lathunthu zikakhala pamodzi zimathandiza akathyali amene amaimbira anthu akunamizira kuti ndi a kampani ya foni kapena a banki, chifukwa wonamizidwayo amakhulupirira akamva mlendo akutchula zinthu zake zenizeni. Ndipo ndimayamba ndafunsa kuti, "Amayi, kodi mungalole kuti ndisunge tsiku lanu lobadwa n'kumakutumizirani uthenga?" Ena amakana, ena chipembedzo chawo sichikondwerera masiku obadwa, ndipo ena safuna kuti uthenga wa saluni uzifika pafoni imene amagwiritsa ntchito ndi amuna awo. Akakana ndimasiya malowo opanda kanthu. Chizolowezi choika makasitomala onse pagulu limodzi la WhatsApp kuti tiziwafunira zabwino ndiye ndimadana nacho kwambiri, pakuti aliyense pagulupo amaona nambala ya mnzake, ndipo palibe amene anavomera zimenezo.

Amene amasunga pa kompyuta amadzinamiza m'njira yawoyawo. Ndaonapo eni saluni akubisa mzere wa manambala mu Excel pogwiritsa ntchito Hide, kapena kuika Protect Sheet, n'kumaganiza kuti akhoma. Kubisako aliyense angakubweze, ndipo Protect Sheet imangoletsa kusintha zolembedwa, siletsa kuwerenga. Chimene chimakhoma fayilo kuti isatseguke popanda mawu achinsinsi chili apa:

```
File > Info > Protect Workbook > Encrypt with Password
```

Mawu achinsinsiwo mukawaiwala fayiloyo mwaitaya, choncho alembeni n'kuwasunga kunyumba, osati pakapepala komata pa kompyutapo. Pa Google Sheets onani pa Share kuti pasakhale pa Anyone with the link koma pa Restricted, ndipo wantchito akasiya ntchito mumuchotse tsiku lomwelo. Mafayilo akhale awiri monga makope aja, chifukwa masamba awiri a fayilo imodzi amatseguka ndi kiyi mmodzi. Ziwengo zokha zisindikizidwenso papepala losungidwa m'dirowa, pakuti magetsi akazima kasitomala sadikira kuti kompyuta iyake.

Ena amati zonsezi n'za mabanki ndi zipatala, osati kasaluni ka mipando itatu. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko la Malawi limapatsa munthu aliyense ufulu wosungiridwa chinsinsi, ndipo m'chaka cha 2024 kunabwera lamulo loteteza zinthu zokhudza munthu payekha, limene amayang'anira ndi a bungwe la MACRA. Lamuloli limaika za umoyo wa munthu m'gulu la zinthu zofunika kuzisamala mwapadera, ndipo chiwengo ndi nkhani ya umoyo. Kwa ine tanthauzo lake pa ntchito ndi lakuti kasitomala adziwe chimene ndalemba ndi chifukwa chake, ndisachigwiritse ntchito pa zina, ndipo akafuna kuona tsamba lake kapena kuti ndikonze cholakwika, ndisamukanize. Wogulitsa mawigi akandipempha manambala a makasitomala anga kuti awatsatse malonda, yankho limakhala lakuti ayi, ngakhale atakhala mlamu wanga.

Mu Januwale chaka chilichonse ndimakhala pansi ndi makope onse awiri. Kasitomala amene sanabwere kwa zaka ziwiri ndimachotsa foni ndi tsiku lake lobadwa, ndipo masamba ochotsedwawo ndimawotcha ndekha, chifukwa pepala lotayidwa kudzala limakathera kwa wogulitsa mandasi kapena mtedza. Mzere wa ziwengo wokha ndimausiya m'kope la ntchito pansi pa nambala yake. Tsamba la mayi uja lidakalipo, ndipo pamwamba pake pali mawu ofiira amene ndinawalemba Lolemba lija nditabwera kuchipatala kokamuona. Sanabwerenso ku saluni kwanga.