Madzi otentha a m'giza: ntchito imene angagwire ndi imene imatayika

Aphunzitsi, giza yathu ya dzuwa ku Luwinga imatulutsa madzi a 80 °C. Kodi mphamvu yonse ili m'madziwo ingasanduke magetsi?

Ayi, n'kagawo kochepa chabe. Madzi otentha amagwira ntchito pokhapokha akamazizira mpaka kufanana ndi mpweya wowazungulira, ndipo akafika pamenepo basi, atha. Ntchito yochuluka kwambiri imene mungafinyemo paulendo umenewo, ngakhale ndi makina opanda chilema, ndiyo ekiseji. Pa madzi oyenda m'paipi, tikasiya liwiro ndi kukwera kwa malo, timalemba motere:

```
ψ = (h − h0) − T0(s − s0)
ψ = cp[(T − T0) − T0·ln(T/T0)]
```

Apa ψ ndi ekiseji pa kilogalamu, h ndi mphamvu imene madzi oyenda anyamula, s ndi entiropi, muyeso wa kumwazikana kwa mphamvu, cp ndi kutentha kofunika kukweza kilogalamu ndi digiri imodzi, ndipo 0 akuimira madziwo atafanana ndi kunja. Mzere wachiwiri ndi wa madzi amene sanasanduke nthunzi. Tinene kuti kunja kuli 20 °C, ndiye T0 ndi 293 K, T ndi 353 K, cp ndi 4.18 kJ/kg·K. Kilogalamu imodzi ikamazizira imatulutsa 4.18 × 60, omwe ndi 250.8 kJ. Koma ln(353/293) ndi 0.1863, ndipo tikachulukitsa ndi 293 tipeza 54.6. Chotsani pa 60, patsala 5.4. Ekiseji ikubwera pafupifupi 22.6 kJ pa kilogalamu, osafika n'komwe gawo limodzi mwa magawo khumi a kutentha kuja.

Ine ndinagwiritsa ntchito fomula ya Carnot ndipo ndinapeza 42.6 kJ. Ndasochera pati?

Mwatenga 1 − 293/353, gawo la kutentha limene injini yopanda chilema ingasandutse ntchito, lomwe ndi 0.17, n'kuchulukitsa ndi 250.8. Zikanakhala zoona madziwo akanakhala pa 80 °C mpaka mapeto. Koma amazizira uku akupereka. Kutentha koyamba kumachoka ali pa 353 K, komaliza kumachoka atatsala pang'ono kufanana ndi mpweya wakunja, pamene injini singapezenso kanthu. N'chifukwa chake yankho lenileni likungopitirira pang'ono theka la lanulo.

Nanga ndikasakaniza ndi madzi ozizira a pampopi kuti ndisambe, chatayika n'chiyani? Si kutentha konse kwangolowa m'madzi omwewo?

Kutentha kulipo ndithu, koma mwayi wogwira ntchito ndi umene waphwa. Thirani kilogalamu ya 80 °C pa kilogalamu ya 20 °C. Mupeza makilogalamu awiri a 50 °C, kapena 323 K, ndipo 250.8 kJ ija ili yonse m'ndowamo. Tsopano yang'anani entiropi. Ya madzi otentha yatsika, ya ozizira yakwera, koma kukwerako kwaposa kutsika:

```
Sgen = 4.18[ln(323/353) + ln(323/293)]
     = 4.18[−0.08882 + 0.09748] = 0.0362 kJ/K
Wlost = T0·Sgen = 293 × 0.0362 = 10.6 kJ
```

Mzere womalizawo ndi lamulo la Gouy ndi Stodola: ntchito yotayika, Wlost, ndi entiropi yobadwa, Sgen, kuchulukitsa ndi kutentha kwa malo ozungulira. Musangondikhulupirira, yesani njira ina. Polowa munali 22.6 kJ, poti madzi a pampopi ali pa T0 ndipo ekiseji yawo ndi ziro. Potuluka muli 2 × 4.18 × (30 − 293 × 0.09748), omwe ndi 12.0 kJ. Kusiyana kwake ndi 10.6 kJ yomwe ija. Pafupifupi theka lapita pakutsegula mpopi kokha, popanda dontho kugwa pansi. Mpopi uliwonse mwa iwiriyo ukamatulutsa 0.1 kg pa sekondi, mukutaya pafupifupi 1.06 kW. Kwa wosamba zilibe kanthu, iye amafuna madzi ofunda. Pafakitale yokhala ndi boyila, kusakaniza kotereku ndi malo oyamba amene ine ndimayang'ana.

T0 ndisankhe iti, poti Mzuzu mu Juni kumazizira koopsa?

Sankhani ya nthawi imene makinawo akugwira ntchito, muilembe pamwamba, musaisinthe mkati mwa samu. Imasuntha yankho kwambiri. M'mawa wa 10 °C, madzi omwewo a 80 °C amakhala ndi pafupifupi 31 kJ pa kilogalamu m'malo mwa 22.6.

Ndingadziwe bwanji kuti samu yanga yapotoka?

Sgen ikatuluka pansi pa ziro, imani pomwepo, chifukwa zimenezo sizichitika. Nthawi zambiri mwaiwala kutentha kothawira m'khoma la paipi. Paipi ikakhala yosakutidwa, onjezani Q/T0 ya kutentha kopita kunja, apo ayi entiropi idzaoneka ngati yasowa. Musaike 80 ndi 20 mkati mwa ln m'malo mwa 353 ndi 293. Samalaninso podula manambala. Onani mmene −0.08882 ndi 0.09748 zayandikanirana: mukazidula kukhala −0.09 ndi 0.10, ntchito yotayika idumpha kufika pa 12.2 kJ, ndipo njira ziwiri zija sizidzagwirizananso.