N'chifukwa chiyani 2⁰ ndi 1, osati 0?

Mwana akayamba kuphunzira mapawa amauzidwa kuti 2³ ndi 2 × 2 × 2. Kanambala kapamwambako, kamene m'kalasi timati pawa, kamawerenga kuti ma 2 amene tikuchulukitsa alipo angati. Mpaka apa palibe chovuta. Mavuto amayamba tsiku limene mphunzitsi walemba pabolodi kuti 2⁰ = 1. Ngati palibe 2 ndi mmodzi yemwe, nanga 1 ameneyu wachokera kuti? Sabata yomweyo kumabwera 2⁻¹, kenaka pawa ya theka, ndipo ana ambiri amangoganiza zoloweza. Ine monga mphunzitsi wa masamu kuno ku Mangochi zimandipweteka, chifukwa mwana amene wafunsa kuti 1 wachokera kuti ndiye amene akuganiza bwino, ndipo yankho lake lilipo.

Tanthauzo loyamba lija, lowerenga ma 2, limagwira ntchito pa manambala owerengera okha: 1, 2, 3 ndi kumapita m'tsogolo. Silinena kanthu za ziro, za manambala a mainasi kapena za mafulakishoni. Choncho akatswiri a masamu anayenera kusankha tanthauzo la zinthu zimenezi. Koma sanasankhe mwachisawawa. Panali lamulo limodzi limene sanafune kuti lithyoke.

Lamulolo ndi ili. Tengani 2³ × 2². Kumanzere kuli ma 2 atatu, kumanja awiri, onse pamodzi asanu, ndiye kuti yankho ndi 2⁵. Yesani: 8 × 4 = 32, ndipo 2⁵ ndi 32 yemweyo. Pochulukitsa mapawa a nambala imodzi, timangowonkhetsa tinambala tapamwambato. Zonse zimene zikutsatira m'munsimu zikuchokera pa funso limodzi: kuti lamulo lowonkhetsali lisathyoke, pawa yachilendoyi iyenera kukhala chiyani?

Tiyambe ndi ziro. Malinga ndi lamuloli, 2³ × 2⁰ ayenera kukhala 2³, chifukwa 3 + 0 = 3. Ndiye kuti 8 kuchulukitsa ndi 2⁰ ayenera kutipatsa 8. Nambala yokhayo imene ukachulukitsa nayo 8 n'kukhalabe 8 ndi 1. Tikanati 2⁰ ndi 0, tikanapeza 8 × 0 = 0, lamulo n'kufera pomwepo. Maganizo oti palibe kanthu ndiye 0 ndi a kuwonkhetsa, kumene kusawonjezera kanthu ndi kuwonjezera 0. Pa kuchulukitsa, kusiya chinthu mmene chilili ndi kuchulukitsa ndi 1.

Mainasi imatuluka mofananamo. 2³ × 2⁻³ ayenera kukhala 2⁰, chifukwa 3 ndi −3 zikakumana zimapereka ziro, ndipo taona kale kuti 2⁰ ndi 1. Nanga 8 tim'chulukitse ndi chiyani kuti tipeze 1? Ndi 1/8. Choncho 2⁻³ = 1/8. Onani mndandanda uwu: 2³ = 8, 2² = 4, 2¹ = 2. Pawa ikatsika ndi 1, yankho likugawidwa ndi 2. Pitirizani osasintha kachitidwe: 2 kugawa ndi 2 ndi 1, ameneyo ndi 2⁰; kenaka 1/2, 1/4, 1/8. Pamayeso ana ambiri amalemba kuti 2⁻³ = −8 kapena −6. Mainasi ili pamwamba siyitembenuza yankho kukhala la mainasi. Imatembenuza kuchulukitsa kukhala kugawa. Ngati nambala ya pansi, monga 2 mu 2⁻³, ndi yoposa ziro koma yankho latuluka la mainasi, dziwani kuti penapake palakwika.

Pawa ya theka ndiyo imene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa ndi pamene masamuwa amakhudza ndalama za munthu. Poti pafoni n'kovuta kulemba fulakishoni pamwamba, ndizilemba motere: 2^(1/2), monga mmene timalembera pa kakyuleta.

Tiyerekeze kuti lero chidebe cha usipa wouma ku Makawa chili pa K20,000, ndipo mtengowo ukukwera pa mlingo wofanana, kutanthauza ndi peresenti yofanana, mwezi ndi mwezi mpaka kuwirikiza kawiri chaka chikatha. Manambalawa ndi ongoyerekeza. Aliyense wa kunyanja akudziwa kuti mtengo wa usipa umalumpha mwera ukawomba asodzi n'kulephera kulowa m'madzi, n'kutsikanso nsomba zikagwa zambiri. Koma tiyeni tiugwire motero kuti tione masamu ake. Chaka chamawa chidebe ndi 20,000 × 2¹ = K40,000. Zaka ziwiri zikatha ndi 20,000 × 2² = K80,000. Pawa ikuwerenga zaka. Lero, pamene palibe chaka chimene chadutsa, mtengo ndi 20,000 × 2⁰, ndipo uyenera kukhala K20,000 yomweyo. Kukanakhala kuti 2⁰ ndi 0, bwenzi usipa wa lero uli waulere. Chaka chatha, ngati kakweredwe kanali komweko, mtengo unali 20,000 × 2⁻¹ = K10,000.

Nanga pakatha miyezi isanu ndi umodzi? Pafupifupi aliyense amene ndimam'funsa amati K30,000, poganiza kuti theka la ulendo wochoka pa 20,000 kupita pa 40,000 ndi pamenepo. Tiyeni tiyese. Kuchoka pa 20,000 kufika pa 30,000 ndi kuchulukitsa ndi 1.5. Tanena kuti mlingo wa kukwera ndi wofanana, ndiye miyezi isanu ndi umodzi yotsalayo tichulukitsenso ndi 1.5. Tikupeza K45,000, osati K40,000. Tapitirira ndi K5,000.

Chimene tikufuna ndi nambala yoti tikachulukitsa nayo kawiri ifanane ndi kuchulukitsa ndi 2 kamodzi. Nambala imene ukaichulukitsa ndi iyo yokha imapereka 2 ndiyo sikweya ruti ya 2, imene timalemba √2, pafupifupi 1.414. Pakati pa chaka chidebe chili pa K28,284, ndipo mukachulukitsanso ndi √2 mufika pa K40,000. Tsopano bwererani ku lamulo lija: 2^(1/2) × 2^(1/2) ayenera kukhala 2¹, chifukwa theka ndi theka ndi 1. Izi n'zimene √2 akuchita. Palibe amene anangolota kuti pawa ya theka ikhale sikweya ruti. Lamulo lowonkhetsa silinasiye mpata wa yankho lina pakati pa manambala oposa ziro.

Mukamvetsa theka, zinazo n'zosavuta. Pawa ya 1/3 ndi nambala imene ukaichulukitsa yokhayokha katatu imabweza nambala ya pansi ija, ndiye kyubu ruti: 8^(1/3) = 2, chifukwa 2 × 2 × 2 = 8. Pa usipa uja, mwezi umodzi ndi 2^(1/12), pafupifupi 1.0595, kutanthauza kukwera kwa pafupifupi 5.9 peresenti pamwezi. Munthu amene angagawe 100 peresenti ndi 12 apeza 8.3 peresenti, koma akakweza mtengo ndi mlingo umenewo mwezi uliwonse, chaka chikamatha afika pa ndalama zopitirira K52,000. Kusiyana kumeneku n'komwe kumasokoneza anthu pa ngongole imene chiwongoladzanja chake chimaberekanso chiwongoladzanja.

Fulakishoni yokhala ndi nambala ina pamwamba, monga 2/3, ili ndi ntchito ziwiri. Nambala ya pansi ya fulakishoniyo ikunena ruti, ya pamwamba ikunena pawa, chifukwa 2/3 ndi 1/3 + 1/3. Choncho 8^(2/3) ndi 2 × 2 = 4. Mukhoza kuyamba ndi pawa, 8² = 64, n'kupeza kyubu ruti ya 64, imene ndi 4 yemweyo, koma ine ndimalangiza ophunzira anga kuyamba ndi ruti kuti manambala achepe msanga. Yesani 16^(−3/4). Mainasi ikuti tembenuzani, ndiye tili ndi 1 kugawa ndi 16^(3/4). Nambala imene ukaichulukitsa yokhayokha kanayi imapereka 16 ndi 2. Pawa ya 3 itipatsa 8. Yankho ndi 1/8. Pa kakyuleta samalani ndi mabulaketi: mukalemba 8^2/3 makina ambiri ayamba ndi 8² n'kugawa ndi 3, akupatsani 21.33, muyenera kulemba 8^(2/3).

Ana amene akuvutika asadzione ngati opusa, chifukwa nawonso akatswiri zinawatengera zaka mazana. Nicole Oresme wa ku Falansa analemba za mapawa a mafulakishoni m'zaka za m'ma 1300. Nicolas Chuquet anagwiritsa ntchito pawa ya ziro ndi ya mainasi mu 1484. Kalembedwe ka kanambala kapamwamba kanafala ndi René Descartes mu 1637, koma iye ankalemba manambala owerengera okha. Isaac Newton ndiye analemba mapawa a mainasi ndi a mafulakishoni mmene timawalemberamu, m'kalata ya mu 1676. Ife timafuna kuti mwana wa sekondale amalize zonsezi m'masabata ochepa.

Matanthauzowa ali ndi malire, ndipo malirewo amachokeranso ku lamulo lomwelo. Ziro sangakhale ndi pawa ya mainasi: 0⁻¹ ndi 1 kugawa ndi 0, ndipo palibe nambala imene ukachulukitsa ndi 0 imapereka 1. Pa 0⁰ njira yathu ija siyithandiza, chifukwa 0³ × 0⁰ = 0³ ikhala yoona kaya 0⁰ ndi 1, kaya ndi 7. N'chifukwa chake mabuku a sekondale amati a⁰ = 1 pokhapokha a asakhale ziro, ngakhale m'nthambi zina za masamu akatswiri amagwirizana kumutenga 0⁰ ngati 1. Komanso 9^(1/2) ndi 3 basi. N'zoona kuti −3 × −3 ndi 9, koma chizindikiro chimodzi chiyenera kuimira nambala imodzi, ndipo anasankha yoposa ziro. Mayankho awiri aja, 3 ndi −3, ndi a funso lina, lakuti x² = 9.

Pamene pamaterera kwambiri ndi pamene nambala ya pansi ili ya mainasi. (−4)^(1/2) alibe yankho pakati pa manambala amene timagwiritsa ntchito kusekondale, chifukwa nambala iliyonse ukaichulukitsa ndi iyo yokha siingatuluke ya mainasi. Kyubu ruti ya −8 ilipo, ndi −2. Koma 1/3 ndi chimodzimodzi ndi 2/6, ndipo mukatenga (−8)^(2/6) n'kuyamba ndi pawa mupeza 64, amene ruti yake yachisanu n'chimodzi ndi 2, osati −2. Fulakishoni imodzi yapereka mayankho awiri osiyana. Pofuna kupewa zimenezi, malamulo a mapawa a mafulakishoni amanenedwa pa manambala oposa ziro okha. Mukakumana ndi mainasi pansi, yambani mwachepetsa fulakishoniyo mpaka pomaliza, muone ngati nambala yake ya pansi ndi yosagawika ndi 2, kenaka mutenge ruti musanatenge pawa.