Kukoma ndi kukhoma: kampweya kamene kamasintha tanthauzo

Tengani kapepala kopyapyala, mukagwire pafupi ndi milomo, munene kuti "pala". Kapepalako sikagwedezeka kwenikweni. Tsopano nenani kuti "phala". Kakupizika. Milomo yatsekeka ndi kutseguka chimodzimodzi, chawonjezeka ndi kampweya kotuluka pambuyo pa p. Komatu kampweya komweko kasiyanitsa kupala moto ndi chakudya cha m'mawa.

Akatswiri a zilankhulo akafuna kudziwa maliwu amene chilankhulo chimawawerengera, amafunafuna mawu awiri ofanana paliponse kupatula liwu limodzi, pamalo amodzimodzi, koma matanthauzo ake n'kukhala osiyana. Pano tiwatche mapasa. Mapasa akapezeka, ndi umboni wakuti maliwu awiriwo ndi osiyana m'makutu a eni chilankhulo. Liwu lotere amalitcha fonimu.

Mapasa abwino kwambiri ndi aneni okhaokha, chifukwa m'phatikiram'mbuyo ndi m'phatikiram'tsogolo zimafanana. Onani "kukoma" ndi "kukhoma". Ku- ndi yemweyo, -oma ndi yemweyo, chasintha ndi k ndi kh basi. Ndiwo zimakoma, msomali amaukhoma. "Kukula" ndi "kukhula" zikutsimikiza zomwezo. Choncho k ndi kh ndi mafonimu awiri m'Chichewa, monganso p ndi ph. "Kuseka" ndi "kutseka" zikusiyanitsa s ndi ts, pomwe "kulemba" ndi "kulimba" zikusiyanitsa e ndi i mwa mavawelo athu asanu aja.

Apa pali msampha woyamba. Wina anena kuti "kukhoma" ili ndi chilembo chimodzi choonjezera, ndiye si mapasa. Timawerenga maliwu, osati zilembo. Kh ndi zilembo ziwiri zoimira liwu limodzi. Alembi anangobwereka h kuti asonyeze kampweya kaja.

Tsopano yesani l ndi r. Nenani "kulira", kenaka "kulila". Palibe amene angaganize kuti mwanayo wasiya kutulutsa misozi n'kuyamba china. Sakani mpaka dzuwa kulowa, simupeza mawu awiri a Chichewa osiyana tanthauzo chifukwa cha l ndi r pokha. Ndi fonimu imodzi yomveka mosiyanasiyana. N'chifukwa chake malamulo a kalembedwe anangogawa malo: r pambuyo pa i kapena e wosakhala wa m'phatikiram'mbuyo, monga "mbiri" ndi "mbereko", l kwina konse, monga "malo" ndi "kulola". Liwu likamadziwika ndi malo amene lakhala, silingasiyanitse matanthauzo, poti mnzakeyo safika pamalopo kuti apikisane.

Chingerezi chinagawa zinthu mosemphana ndi ife. Kumeneko raisi ndi mpunga, laisi ndi nsabwe, ndipo mwana wasukulu akasokoneza awiriwa vuto si lilime lolemera ayi. Khutu lake linaphunzira kuyambira ali kumsana kuti kusiyana kumeneku n'kopanda ntchito. Mngerezi nayenso amagwa pa "kukoma" ndi "kukhoma". Kwawo k woyamba mawu amatuluka ndi kampweya mwachizolowezi, ndipo kampweyako kamachoka k akabwera pambuyo pa s, koma tanthauzo silidalira pamenepo. Akayamikira kuti nsima ikukoma, nthawi zambiri timamva ngati ikukhoma.

Msampha wachiwiri ndi wobisika, chifukwa kalembedwe kathu sikauonetsa. "Mtengo" wa mango ndi "mtengo" wa pamsika timalemba mofanana, koma potchula woyambawo mawu amakwera pa -te-, pomwe wachiwiri amangoyenda chapansi. Amenewa ndi mapasa enieni, ndipo akusonyeza kuti kukwera ndi kutsika kwa mawu kumagwira ntchito ngati p ndi ph. Zotsatira zake n'zakuti musanavomereze mapasa alionse, muwatchule mokweza ndi kumvetsera kamvekedwe. Ngati asiyana liwu komanso kakweredwe, asiyana pawiri, ndipo simungadziwe chimene chasintha tanthauzo. Dzina ndi mneni, monga "khola" ndi "kola", ndi pamene pafunika khutu lakuthwa.

Poyesa, musamuonetse munthu zolemba, chifukwa adzayankha za maso. Tchulani mawu amodzi mwa awiriwo paokha, popanda chiganizo chomuthandiza, mumufunse tanthauzo. Bwerezani kangapo mosakaniza. Akamalondola nthawi zonse, kusiyanako n'kwenikweni kwa iyeyo. Ndikuti kwa iyeyo chifukwa madera amasiyana: alipo olankhula amene amati "siku" m'malo mwa "tsiku", ndipo kwa iwo "kuseka" ndi "kutseka" zikhoza kumveka chimodzimodzi.

Dziwaninso kuti kusiyana kumatha kuzimirira pamalo ena. Pa "nkhuku", "nthochi" ndi "mphasa" kampweya kamabwera kokha pambuyo pa n kapena m wolumikizika, ndiye pamenepo simupeza mapasa a k ndi kh. "Mpando" asakupusitseni: m wake ndi phatikizo loima palokha, m-pa-ndo, n'chifukwa chake p watsala wopanda mpweya.