Logo ya zilembo zolukana: yesani zimene diso likuona musanalipire

Mu logo yopangidwa ndi zilembo ziwiri zolukana, mipata yoyera imene imatsala pakati pa zilembozo nayonso imakhala ndi kaonekedwe kake. Wojambula waluso amaigwiritsa ntchito mwadala. Chitsanzo chodziwika ndi logo ya FedEx ya mu 1994, imene ili ndi muvi woyera pakati pa E ndi x. Chimene chimaipangitsa kukhala yabwino n'chakuti munthu amene sanauone muviwo amawerengabe dzinalo popanda vuto. Muyezo wake ndi womwewo: zilembo ziyambe kuwerengeka, chobisikacho chioneke pambuyo.

Tiyerekeze kuti gulu la alimi a nshawa ku Chipata lajambulitsa logo ya C ndi N, ndipo m'mimba mwa C mwasiyidwa mpata woyera wooneka ngati khoko la nshawa loimirira. Pa kompyuta ya wojambula ikuoneka bwino, makamaka chifukwa wakuuzani kale kuti ndi nshawa. Mukangouzidwa, diso lanu silithanso kuona china. Choncho inu ndi wojambulayo simuli oyenera kuweruza.

Sindikizani logoyo yakuda pa pepala loyera, popanda mitundu ndiponso popanda dzina la gulu pansi pake. Ionetseni kwa anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi amene sadziwa za gululo, aliyense payekha, kwa masekondi atatu, kenako bisani pepalalo. Funso likhale lakuti, "Mwaona chiyani, amayi?" Musafunse kuti, "Mwaiona nshawa?" chifukwa mwaulemu aliyense adzavomera. Lembani yankho loyamba. Khoko la nshawa lili ndi mbali ziwiri zotupa komanso pakati powonda, ndiye ena adzati ndi nambala 8, ndipo awerenga C8N. Ngati awiri mwa asanu atero, vuto lili pa logo, osati pa maso awo. Muyang'anenso nkhope: wina akangomwetulira n'kukana kunena, dziwani kuti waona chinthu chochititsa manyazi. Zimenezi mumafunsa mnzanu wamsinkhu wanu, amene angakuuzeni mosabisa.

Kenako tembenuzani pepalalo cham'mbali. Ambiri amadumpha apa poganiza kuti logo imaima chilili nthawi zonse, koma saka ya nshawa imagonekedwa pa njinga kapena m'lole, ndipo chidindo chimadindidwa mopendekeka. N akagona amasanduka Z, C amasanduka U, ndipo nshawa yogona m'kati mwa U ija imafanana ndi matako a munthu. Yang'ananinso pagalasi, popeza logo yomatidwa pawindo la shopu imaoneka chobwerera kwa amene ali m'kati.

Kuyesa kukula kumafuna rula. Chepetsani logoyo ikhale mamilimita 15 m'lifupi, monga ingakhalire pa chidindo kapena pa risiti. Ngati kukamwa kwa C kunali gawo limodzi mwa magawo 20 a logo yonse, tsopano kwatsala mamilimita 0.75 okha. Inki ya chidindo imafalikira pang'ono mbali zonse ziwiri, kukamwako n'kutsekeka, C n'kukhala O. Pamenepo nshawa yazunguliridwa, ndipo logo ikuwerengeka ON. Pa saka yolukidwa ndi pa malaya opetedwa ndi ulusi zimaipiratu, chifukwa mpata wosakwana milimita imodzi sukhalitsa. Ngati mulibe chidindo, jambulani pepalalo pa fotokope, n'kujambulanso kopeyo kawiri. Mipata yofooka idzadzionetsa yokha. Pa foni, chithunzi cha WhatsApp chimadulidwa mozungulira, choncho onani ngati ngodya za N sizikudulidwa.

Kukonza kwake sikufuna kuyambiranso. Kukamwa kwa C kukulitsidwe mpaka kufanane ndi kunenepa kwa mzere wa chilembocho. Nshawa ipendekeke pang'ono, mbali imodzi ikule kuposa inzake, ndipo ikhale ndi kansonga kumapeto monga khoko lenileni, pakuti kufanana ndendende kwa mbali ziwirizo ndiko kumabala 8. Musalole wojambula kuonjezera timizere ta pakhoko kuti nshawa idziwike. Timizereto ndi toyamba kufufutika logo ikachepa, ndipo mubwerera pomwe munali.

Mukakonza, yesaninso ndi anthu ena atsopano, chifukwa oyamba aja akudziwa kale yankho. Ngati nawonso aona 8, chotsani nshawayo m'mimba mwa C, muisiye yopanda kanthu, ndipo nshawa ijambulidwe payokha pambali pa dzina la gulu.