Voliyumu yochuluka si chikole choti mtengo upitilira

"Kandulo ya pa tchati cha mitengo ya masheya yoboola mzere womwe mtengo umabwererapo ikakhala ndi voliyumu yayikulu, ndiye kuti mtengo upitilira basi eti?"

Ayi ndithu. Voliyumu imangowerenga masheya amene asinthana manja, ndipo sheya iliyonse yogulidwa pali wina waigulitsa, ndiye siingakuuzeni kuti wapambana ndani.

Tinene kuti mtengo wakhala ukubwerera pa mzere wa 50, voliyumu ya tsiku ili cha m'ma 200,000, lero waboola mpaka 53 voliyumu 800,000. Chatsimikizika nchoti anthu ambiri analowapo, sikunali kudumpha kwa msika wopanda anthu. Koma onani pomwe kandulo yatsekela. Ikatsekela pa 52.8 ogula ameza zonse zomwe zimagulitsidwa, koma ikabwerera kudzatsekela pa 50.2 nkusiya kamchira kataliii pamwamba, voliyumu yomweyo ikhoza kutanthauza kuti akuluakulu amatsitsa katundu wawo pa anthu othamangila, enanso anali ma oda otseka maluzi a omwe anabetcha kuti mtengo utsika, ndipo amenewo akagula kamodzi basi kwatha.

Ine ndimadikila mtengo ubwerere pa 50 ndione ngati ugwira voliyumu itachepa. Pa folekisi, msika wa ndalama zakunja, nkovutilapo, voliyumu yomwe mumaona ija nthawi zambiri ndi chiwerengelo cha kusintha kwa mtengo kwa buloka wanu yekha.