Mitu iwiri ya imelo ya Khrisimasi: wapambanadi ndi uti?

Disembala akangolowa, eni masitolo amene ndimawathandiza kutumiza maimelo a malonda amabwera ndi funso limodzi. Amanditumizira manambala awiri n'kunena kuti, “Mutu wachiwiriwu wapambana, titumize umenewu kwa onse, eti?” Nthawi zambiri ndimayankha kuti sindikuona wopambana, ndipo yankho limeneli silisangalatsa munthu amene katundu wamudzadzira mumashelefu. Koma chifukwa chake n'chosavuta kuchimvetsa, ndipo kalikuleta ya pafoni ndi yokwanira kuchitsimikiza.

Tiyerekeze kuti muli ndi sitolo ya zovala za ana ku Limbe ndipo makasitomala 6,000 anakupatsani maadiresi awo a imelo. Lero ndi pa 15 Disembala. Mwalemba uthenga umodzi, koma mitu muli nayo iwiri. Mutu A ukuti “Zovala za ana za Khrisimasi: tachotsera 20%”. Mutu B ukuti “Kwatsala masiku 10: zovala za ana tachotsera 20%”. Onani kuti mitu yonse ikutchula katundu yemweyo ndi kuchotsera komweko. Chosiyana n'chimodzi: m'malo motchula Khrisimasi, B ikufulumizitsa munthu ndi masiku. Mukanati mu B muikemo masiku, kuchotsera ndi dzina la kasitomala pomwe mu A mulibe zonsezi, B akanatha kupambana inu osadziwa kuti chagwira ntchito n'chiti. Dzina la wotumiza, ola lotumizira ndi uthenga wam'kati zikhalenso zofanana ndendende.

Ntchito yoyamba ndi kugawa anthu, ndipo apa ndi pamene ine ndinapsapo. Chaka china ndinangodula mndandanda pakati, a kumtunda n'kulandira mutu woyamba, a kumunsi wachiwiri. Mutu wachiwiri unapambana kutalitali, tonse n'kusangalala. Patapita masiku ndinazindikira kuti mndandandawo unasanjidwa potsata tsiku lomwe munthu analembetsa. Kumunsi kunali anthu amene anagula mwezi wathawo, sitoloyo akuikumbukirabe, pomwe kumtunda kunali maadiresi a zaka zinayi zapitazo, ena eni ake anawasiya kalekale. Ndinayerekeza makasitomala atsopano ndi akale, osati mitu. Gulu liyenera kusankhidwa mwa mayere. Mapulogalamu monga Mailchimp amachita okha zimenezi mukasankha kuyesa mitu iwiri. Ngati mndandanda wanu uli mu Excel, lembani `=RAND()` pafupi ndi dzina lililonse, musanje mndandanda wonse potsata manambala otulukawo, kenako mudule.

Tinene kuti mwatenga anthu 1,000 a mutu A ndi 1,000 a mutu B, otsala 4,000 akudikira wopambana. Mawa lake mukupeza kuti A watsegulidwa ndi anthu 220, B ndi anthu 250. Ndiye kuti 22 peresenti ndi 25 peresenti. Maso akuti B.

Koma ganizani izi. Mukanatumiza mutu womwewo, wosasintha ngakhale chilembo, ku magulu awiri a anthu 1,000, manambala sakanafanana. Gulu lina likanagwera anthu ambiri amene ali patchuthi ndipo foni ili m'manja tsiku lonse, lina likanagwera ambiri amene bandulo yawathera. Zili ngati kutapa nyemba zosakaniza m'thumba kawiri ndi kapu yomweyo: zofiira sizituluka chiwerengero chofanana ngakhale thumba ndi lomwelo. Funso tsono si lakuti “wamkulu ndi uti” koma lakuti kusiyanaku kwaposa kumene mwayi wokha umabweretsa kapena ayi.

Pali njira yachidule yoyezera zimenezi magulu akakhala ofanana kukula. Phatikizani otsegula a mbali zonse ziwiri, pezani sikweyaruti ya nambala imeneyo, muchulukitse kawiri. Mu Excel zikhala chonchi:

```
=2*SQRT(220+250)
```

Yankho ndi pafupifupi 43. Tanthauzo lake n'lakuti kusiyana kosafika anthu 43 kungabwere ndi mwayi chabe. Inu mwapeza 250 kuchotsa 220, anthu 30. Sikunafike. Njira yachiduleyi imakhwimitsa pang'ono otsegula akakhala ambiri chonchi, ndipo masamu athunthu amene akatswiri amagwiritsa ntchito amaika malire pa anthu pafupifupi 37, koma 30 ndi yochepabe. Sindikunena kuti mitu iwiriyi ndi yofanana mphamvu. N'kutheka kuti B ndi wabwinodi. Ndikunena kuti anthu 1,000 mbali iliyonse ndi ochepa kuti aonetse kusiyana kwa mapointi atatu mosakayikitsa.

Tsopano tiyerekeze kuti munagawa anthu onse 6,000 pawiri, 3,000 uku 3,000 uku, maperesenti n'kutuluka omwewo. A akanakhala ndi 660, B 750. Kuphatikiza ndi 1,410, sikweyaruti yake ndi pafupifupi 37.5, kawiri ndi 75. Kusiyana ndi 90, ndipo kwadutsa malire. Maperesenti omwewo, chigamulo china, chifukwa cha kuchuluka kwa anthu basi. Chowawa n'chakuti kulondola kumakwera pang'onopang'ono: kuti muthe kuona kusiyana kochepa ndi theka, anthu ayenera kuchuluka kanayi. N'chifukwa chake mwini mndandanda wa anthu 500 ndimamuuza kuti asataye nthawi kuyesa mitu yosiyana mawu amodzi. Ayese maganizo awiri otalikirana, monga mutu wotchula mtengo ndi mutu wosatchula n'komwe, chifukwa kusiyana kwakukulu kokha ndi kumene gulu laling'ono lingaonetse.

Malire aja a “kawiri” alinso ndi tanthauzo lomwe ambiri saliganizira. Anaikidwa pamlingo woti mitu iwiri yofanana mphamvu iwoneke yosiyana pafupifupi kamodzi pa maulendo 20 aliwonse. Lonjezo limeneli limagwira ntchito mukayang'ana kamodzi, pa nthawi yomwe munakhazikitsa musanatumize. Mukamasuzumira ola lililonse n'cholinga choimitsa mayeso B akangotsogola mokwanira, mwadzipatsa mipata yambiri yonamizidwa, ngati timu yomwe ikufuna mluzu womaliza ulire mphindi yomwe yagoletsa. Zomwezo zimachitika mukayamba kusanthula zotsatira pofuna kupeza kagulu kena komwe mutu wanu wapamtima wapambana: azimayi okha, a ku Lilongwe okha, a Gmail okha. Mukafufuza timagulu 20, musadabwe kamodzi katakusangalatsani. Lembani papepala musanatumize kuti muwerenga chiyani ndiponso pa ola liti. Ine ndimakonda kudikira maola 24, chifukwa otsegula m'maola awiri oyamba ndi anthu a mtundu wina, okhala pakompyuta muofesi, ndipo amene amawerenga madzulo akaweruka sanafike.

Nanga kutsegulako kumadziwika bwanji? M'kati mwa imelo mumabisidwa kachithunzi kakang'ono ngati kadontho, kosaoneka ndi maso. Foni ikakoka kachithunziko pa intaneti, pulogalamu yotumizira imalemba kuti munthuyo watsegula. Amene anatseka zithunzi pofuna kusunga bandulo angawerenge uthenga wonse osawerengedwa. Mbali inayi, kuyambira mu Seputembala 2021 kampani ya Apple inabweretsa Mail Privacy Protection, yomwe imakoka zithunzi zija yokha, mwini foni atsegule kapena asatsegule. Ngati pamndandanda wanu pali ambiri a iPhone, monga abale a ku Joni ndi ku Mangalande amene amagulira ana kumudzi, ena mwa “otsegula” anuwo ndi makina. Mukagawa mwa mayere, makinawa amagwera mbali zonse mofanana, ndiye sakondera mutu uliwonse, koma amakweza manambala onse n'kuphimba kusiyana kwenikweni.

Pachifukwa chimenechi ndimakhulupirira kwambiri odina linki ya m'kati kuposa otsegula. Tibwerere ku magulu athu a 1,000. Tinene kuti mu A anadina anthu 41, mu B anthu 30. Apa zatembenuka, A ndiye watsogola. Mwina mutu wa masiku 10 uja umakoka anthu achidwi chabe, pomwe wotchula Khrisimasi umakoka makolo amene akufunadi kugula. Nkhani yokoma, koma tiiyeze ndi muyeso womwewo: 41 ndi 30 ndi 71, sikweyaruti pafupifupi 8.4, kawiri ndi 17. Kusiyana ndi 11. Nakonso sikunafike. Chilungamo chimafuna kuti mukakana chipambano cha B pa otsegula, musalandire cha A pa odina chifukwa choti A ndi mutu womwe munalemba inuyo. Powerenga odina, muwerenge anthu kuchokera pa onse amene analandira imelo, osati pa otsegula okha, ndipo munthu wodina kasanu awerengedwe kamodzi. Za ogula ndiye zimakhala zochepa kwambiri, mwina 7 uku 4 uku, ndipo kasitomala mmodzi wooda zovala za ana amasiye 30 angachititse mutu wina kuoneka ngati wabweretsa ndalama zambiri.

Ndiye mutani pa 16 Disembala, anthu 4,000 akudikira? Tumizani. Tsiku lililonse lodikira nyengo ino lili ndi mtengo, ndipo kumbukirani kuti “kwatsala masiku 10” lasanduka bodza, pafunika 9. Popeza manambala sanagamule, gamulani ndi nzeru zina. Onani kuti ndi mutu uti wapangitsa anthu ambiri kudzichotsa pamndandanda kapena kudandaula kuti ndi sipamu, ngakhale manambala amenewanso amakhala aang'ono. Onani kuti ndi uti ukuoneka wonse pafoni osaduka. Ine pamenepa ndingatenge A, poti cholinga chathu ndi odina, ndipo safuna kusinthidwa tsiku likasintha. Koma m'buku lathu ndingalembe kuti “sanasiyane mokwanira”, osati “A wapambana”.

Kwa mndandanda wa kukula kumeneku ndimaona kuti ndi bwino kungogawa onse pawiri tsiku limodzi, n'kuiwala zosunga anthu odikira wopambana. Imelo ya lero siipindula ndi zotsatirazo, koma mumapeza yankho lolimba lomwe lingathandize imelo ya pa 20 Disembala. Musalitengere kutali kwambiri. Mutu wofulumizitsa ukapambana sabata ya Khrisimasi, wapambana pa anthu amene ali ndi tsiku lenileni lowathamangitsa ndiponso kandalama m'thumba. Mu Januwale anthu omwewo akuwerengera fizi, yunifomu ndi feteleza wobereketsa, ndipo “kwatsala masiku 10” singawauze kanthu. Yankho la Disembala mulisunge ndi deti lake, chiwerengero cha olandira ndi mitu yonse iwiri monga inalembedwera, kuti Disembala wa chaka chamawa mudzayesenso funso lomwelo n'kuona ngati mbali yomweyo yatsogolanso.