Paketi ya nsinjiro izinena mwini wake ndi tsiku losinja

Kwa amayi ndi abambo ogulitsa nsinjiro m'misika ya ku Ulongwe, Zobwe, Moatize ndi mumzinda wa Tete, komanso kwa inu ogula.

Mtedza wa njere munthu amausankha ndi maso, koma ukasinjidwa, wabwino ndi wachuku umaoneka chimodzimodzi. Chuku cha mtedza chimatulutsa poizoni wotchedwa afulatokisini, amene saphedwa ndi moto wophikira ndiwo kapena phala. Munthu akamadya pang'onopang'ono kwa zaka, chiwindi chimawonongeka, ena mpaka kudwala khansa ya chiwindi, ndipo ana amatha kupinimbira. N'chifukwa chake wogula nsinjiro amadalira munthu amene wasinja, ndipo paketi ndiyo imamuuza kuti munthuyo ndani.

Tiyerekeze mayi wa ku Ulongwe amene amasinja Lolemba lililonse. Posenda mtedza sawaza madzi pa makoko kuti afewe, chifukwa chinyezi chimenecho ndicho chimaitana chuku. Njere zonyala, zofumbwa ndi zosintha mtundu amazichotsa, ndipo sazisinja n'komwe. Apa ndi pamene ambiri timalakwa: mtedza wabwino timagulitsa wa njere, wotsala pa lichero n'kupita mumtondo, pomwe nsinjirozo zikathera m'phala la mwana.

Mayiyu amasinja zongokwana sabata imodzi. Amadikira nsinjiro zizizire, kenako amathira ndi supuni youma mu pulasitiki yatsopano yoonekera mkati. Satsegula pulasitiki poiuzira ndi pakamwa, chifukwa mpweya wa m'kamwa uli ndi chinyezi ndi majeremusi. Amamata kukamwa kwa paketi ndi moto wa kandulo, n'kuika kapepala pamwamba pa mzere womatawo, kenako n'kumatanso kachiwiri. Motero inki sikhudza chakudya, ndipo munthu sangasinthe kapepalako osang'amba paketi. Pa kapepalako pali dzina lake, malo amene amakhala mumsika ndi tsiku losinja. Wogula akapeza vuto amadziwa kobwerera, ndipo mayiyo amadziwa thumba la mtedza loti asiye kusinja.

Inu ogula, dzina lokongola palokha si umboni. Ikwezeni paketi muiyang'ane. Timadontho ta madzi mkati tikusonyeza kuti nsinjiro zinamatidwa zofunda kapena zanyowa, kapena zakhala padzuwa, makamaka m'chigwa cha Zambezi kumene mu Okutobala ndi Novembala kumatentha kupitirira madigiri 40. Nsinjiro zochita mibulu, zonunkha chuku kapena zowawa musazidye. Musagulenso zokulungidwa m'nyuzipepala, chifukwa mafuta a mtedza amayamwa inki. Botolo kapena chitini chakale chokhala ndi dzina la kampani ina sichikuuzani kanthu za amene wathiramo.

Munthu akayamba chikasu m'maso, kutupa mimba kapena kusanza, pitani naye kuchipatala msanga, ndipo tengani paketiyo pamodzi ndi kapepala kake.